Njira yolondola, yankho lophonya: vuto lolaunda msanga pa masamu

Mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno kuchigwa likuswa mtengo, ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa kalasi ndikuchonga mayeso a Fomu 4. Panali funso limodzi la thirigonometiri lomwe ana ambiri anali atalimvetsa bwino. Chithunzi anajambula bwino, lamulo la saini analemba bwino, manambala anawaika m'malo mwake. Koma pofika pa mzere womaliza, mapepala ambiri anali ndi 173, ena 180, pomwe yankho linali 174. Nditabweza mapepalawo, mtsikana wina wakhama kwambiri anabwera nalo lake m'manja nati, "Aphunzitsi, ndalakwitsa pati? Ndabwereza katatu koma ndikupezabe 173." Ndinamuuza kuti, "Khala pansi mwanangu, njira yako ilibe vuto. Nambala unaidula isanafike kumapeto."

Vuto limeneli ndimakumana nalo chaka ndi chaka, ndipo limandiwawa chifukwa limagwira ana amene awerenga. Amene sanawerenge amaphonya funso lonse, ndipo amadziwa chifukwa chake. Koma uyu amatuluka m'chipinda cha mayeso mtima uli m'malo, osadziwa kuti pa funso lililonse lalitali wasiyapo malikisi. Pochonga masamu, malikisi amagawidwa: ena ndi a njira, ena ndi a yankho lenilenilo. Wolaunda msanga amatenga a njira n'kutaya a yankho. Zikachitika pa mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi, pa MSCE zikhoza kumuchotsa mwana pa 6 n'kumuika pa 7, ndiye kuti kirediti yapita.

Funso lija linali lotere. Munthu waima m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndipo akufuna kudziwa kutambalala kwake popanda kuwoloka. Wakhoma zikhomo ziwiri, A ndi B, pagombe lomwe iye ali, motalikirana mamita 120. Kutsidya kuli mtengo wa mgwalangwa, C. Ngodya ya pa A ndi madigiri 68, ya pa B ndi madigiri 74. Gawo (a) likufuna kutalika kwa AC, gawo (b) likufuna kutambalala kwa mtsinje, zonse ziwiri ku masiginifikanti figa atatu, chimene papepala amalemba kuti `3 s.f.` Kuyambira pano ndizingoti mafiga.

Ngodya ya pa C ndi 180 kuchotsera 68 ndi 74, yomwe ndi madigiri 38. Mpaka apa palibe amene anasochera. Tikagwiritsa ntchito lamulo la saini, kalikuleta n'kuisiya kuti isunge manambala ake onse, zimayenda chonchi, pomwe `h` ndi kutambalala kwa mtsinje:

```
AC = 120 × sin 74° ÷ sin 38°
   = 187.3617...
   = 187 m (3 s.f.)

h  = 187.3617... × sin 68°
   = 173.7188...
   = 174 m (3 s.f.)
```

Tsono taonani chimene mtsikana uja anachita. Pa gawo (a) analemba 187, ndipo anakhoza. Pofika pa gawo (b) anatenga 187 yemweyo n'kuchulukitsa ndi `sin 68°`, ndipo kalikuleta inamupatsa 173.38, yomwe imatsikira ku 173. Iye sanaone cholakwa chifukwa 187 ndi yankho lomwe funso linamuuza kuti alembe. Apa ndi pamene pali msampha weniweni. Nambala 187 ndi ya wochonga, yoti aione pa gawo (a) basi. Yopitirira nayo ulendo ndi 187.3617, imene ili m'kalikuleta. Ka 0.36 kamene anataya kaja kanachulukitsidwa ndi 0.927 n'kukhala pafupifupi 0.34. Yankho lenileni, 173.72, linali pamwamba pa malire a 173.5 ndi 0.22 yokha. Mukachotsapo 0.34 mwagwera kunsi kwa malirewo, ndipo figa yomaliza yasintha.

Ena anadula manambala kumayambiriro kwenikweni. Anayang'ana `sin 74°` n'kulemba 0.96, `sin 38°` n'kulemba 0.62, `sin 68°` n'kulemba 0.93. Izi zinawapatsa AC wa 185.8, amene anamukweza kukhala 186, ndiye gawo (a) linawapita, ndipo gawo (b) linatuluka 172.98, ndiye kuti 173. Awa anataya kawiri. Chinawapweteka kwambiri ndi 0.62, chifukwa `sin 38°` weniweni ndi 0.61566, ndipo kusiyana kwa 0.004 pa nambala yaing'ono chonchi si kochepa ayi: ndi pafupifupi magawo 7 pa 1000 alionse, omwe pa mamita 187 ndi kupitirira mita imodzi. Amene anapeza 180 aja anasiya figa imodzi yokha pambuyo pa kadontho, 1.0, 0.6 ndi 0.9. Mtsinje wawo unakula ndi mamita 6.

Pali chinthu chimene ndiyenera kuvomereza, chifukwa ana anzeru amandifunsa. Amati, kodi mwini bwato wa pa doko angasamale za mita imodzi? Zoona, sangasamale. Ndipotu ngodya zoyezedwa mpaka pa digiri yathunthu zikhoza kuphonya ndi theka la digiri, ndipo zonse ziwiri zitaphonyera mbali imodzi, mtsinjewo ungakhale paliponse pakati pa mamita 169 ndi 179. Koma funso la masamu limatenga 120, 68 ndi 74 ngati manambala enieni opanda chilema, ndipo chimene likuyesa ndi chakuti kodi mungawayendetse mpaka kumapeto osawonjezerapo cholakwa chanu. Cholakwa cha choyezera si mlandu wanu. Cholakwa cha kulaunda msanga ndi chanu.

Mankhwala ake ndi awiri, malinga ndi chimene muli nacho m'manja. Ngati muli ndi kalikuleta ya sayansi, musafufute chimene chatuluka pa sitepe yoyamba. Batani la `Ans` limasunga yankho lomaliza ndi mafiga ake onse, ngakhale amene sakuoneka pagalasi.

```
120 × sin(74) ÷ sin(38) =
Ans × sin(68) =
```

Papepala lembani nambala yapakatiyo ndi mafiga asanu kapena kuposa, muike timadontho titatu kusonyeza kuti ikupitirira, kenako pa mzere wina mulembe yolaundidwayo ngati funso laifuna. Mizere iwiriyi ndi yofunika yonse. Wochonga akaona 187.36 kenako 187, amadziwa kuti mukudziwa chimene mukuchita, ndipo inunso mukabwerera ku funsolo muli ndi nambala yabwino yoyambirapo ngakhale kalikuleta itazima.

Ngati mulibe kalikuleta ndipo mukugwiritsa ntchito kabuku ka matebulo, kapena mukubwerekana kalikuleta imodzi anthu atatu pokonzekera mayeso monga zimakhalira m'masukulu athu ambiri oyendera, sungani mafiga oposa amene yankho likufuna. Yankho likafuna atatu, pakati pasachepere anayi, ndipo asanu ndiye abwino koposa. Tiyeni tiyese ndi anayi: 0.9613, 0.6157 ndi 0.9272. Tikachulukitsa 120 ndi 0.9613 tikupeza 115.356, tikagawa ndi 0.6157 tikupeza 187.4, tikachulukitsa ndi 0.9272 tikupeza 173.8, yomwe ikukwera kukhala 174. Figa imodzi yokha yowonjezera yapulumutsa yankho. Ndi mafiga atatu, 0.961, 0.616 ndi 0.927, ndipo AC n'kumudulanso kukhala 187, mumathera pa 173. Choncho kusunga mafiga ofanana ndi a yankho sikokwanira, ngakhale kumaoneka ngati kusamala. Ndimanena kuti asanu ndi abwino chifukwa yankho likakhala pafupi kwambiri ndi malire, monga 173.52, figa imodzi yowonjezera ikhoza kulephera.

Si masitepe onse amene amakulitsa cholakwa mofanana, ndipo ndi bwino kudziwa malo oopsa. Aliyense wa kuno amene anagulitsapo thonje akudziwa mtundu wosavuta. Matumba 10, lililonse makilogalamu 48.4, wogula akamalemba 48 pa thumba lililonse, pomaliza mlimi wataya makilogalamu 4. Apa cholakwa chimangounjikana pang'onopang'ono. Koma pali malo awiri pamene chimalumpha.

Oyamba ndi pa sikweya. Tiyerekeze thanki yamadzi yozungulira, yotambalala mamita 3.5 ndi yotalika mamita 2.4. Lediyasi yake ndi 1.75. Mwana wina amaona kuti 1.75 ndi yotopetsa, n'kuisandutsa 1.8.

```
V = π × 1.75² × 2.4 = 23.09...
V = π × 1.8²  × 2.4 = 24.43...
```

Kusiyana kwake ndi makiyubiki mita 1.34, omwe ndi malita pafupifupi 1340, kapena kuti zigubu 67 za malita 20. Mayi amene amatunga madzi pa mjigo angakuuzeni kuti zigubu 67 ndi ntchito ya masiku angati. Chachitika n'chakuti 1.8 inaposa 1.75 ndi pafupifupi 3 pa 100, ndipo pa sikweya nambalayo imadzichulukitsa yokha, choncho cholakwacho chimalowa kawiri n'kukhala pafupifupi 6 pa 100. Pa kiyubu chimalowa katatu. Kunena za π, funso likakuuzani kuti mugwiritse ntchito 3.142 kapena 22/7, tsatirani zimenezo ngakhale kalikuleta yanu ili ndi batani lake. Likapanda kunena, dinani batanilo. Koma 3.1 musamuyerekeze n'komwe.

Malo achiwiri, amene ndi oopsa kuposa onse, ndi pochotsera manambala awiri oyandikana. Mu Fizikisi, madzi a m'kapu anali pa madigiri 31.4 ndipo atatenthetsedwa afika pa 33.6. Kusintha kwake ndi 2.2. Mukayamba mwalaunda, 31 ndi 34, mupeza 3. Nambala iliyonse payokha mwaisuntha pang'ono kwambiri, koma yankho lasuntha ndi 0.8 pa 2.2, kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Chifukwa chake n'chakuti pochotsera, mbali zikuluzikulu za manambalawo zimadyana n'kutha, ndipo chotsala ndi timichira tija munadula. Kenako 3 ameneyu mukamulowetsa mu `Q = mcΔT`, yankho lonse lapita.

Tsopano za kuwerenga mafigawo, chifukwa ena amadikira bwinobwino mpaka kumapeto n'kukapunthwa pakhomo. Figa yoyamba ndi nambala yoyamba yosakhala ziro mukamachokera kumanzere. Kuyambira pamenepo, werengani chilichonse. Mu 0.00472 maziro akutsogolowo akungosonyeza pamene kadontho kali, ndiye mafiga ndi atatu: 4, 7 ndi 2. Mu 4.07 ziro ili pakati, imawerengedwa, mafiga ndi atatu. Mu 4.70 ziro yakumapetoyo imawerengedwanso, chifukwa amene anailemba akutiuza kuti anayeza mpaka pamenepo n'kupeza ziro. N'chifukwa chake 0.6996 ku mafiga atatu ndi 0.700, osati 0.7. Kalikuleta siionetsa maziro otere, muyenera kuwalemba nokha, ndipo ana ambiri amawaona ngati zinyalala n'kuwasiya.

Manambala akuluakulu ali ndi vuto lawo. Thanki ija ndi malita 23 090.7. Ku mafiga atatu ndi 23 100. Chaka chilichonse ndimapeza wina walemba 231, thanki yonse yasanduka mgolo umodzi. Kulaunda sikusintha kukula kwa nambala. Maziro awiriwo ayenera kukhalapo kuti agwire malo, ngakhale kuti sakuwerengedwa ngati mafiga. Ndipo poti nambala ngati 2500 siionetsa yokha ngati ili ndi mafiga awiri, atatu kapena anayi, lembani `(3 s.f.)` pambali pake, kapena muilembe mu sitandadi fomu, `2.50 × 10³`, pamene palibe chokayikitsa.

Musasokoneze mafiga ndi madesimo, amene papepala amalembedwa `d.p.` Madesimo amawerengedwa kuyambira pa kadontho, mafiga kuyambira pa nambala yoyamba yosakhala ziro. Tengani 0.04716. Ku madesimo awiri ndi 0.05, ku mafiga awiri ndi 0.047. Ndimawauza ana anga kuti asanayambe n'komwe kuwerengera, adule mzere kunsi kwa mawu a funso amene akunena za `s.f.` kapena `d.p.`, chifukwa pofika kumapeto mutu umakhala utatopa ndipo dzanja limangolemba chimene linazolowera.

Palinso chizolowezi china chimene chimaoneka ngati ukhondo: kulaunda pang'onopang'ono kuchokera kumchira. Mwana ali ndi 2.447, akufuna mafiga awiri. Amati 7 akweza 4 kukhala 5, ndiye 2.45, kenako 5 akweza 4, ndiye 2.5. Ayi. Yang'anani nambala imodzi yokha, yotsatira pamene mukudulapo. Pambuyo pa 2.4 pali 4, ndipo 4 sakweza, choncho yankho ndi 2.4. Mukhoza kudzitsimikizira: kuchoka pa 2.447 kufika pa 2.4 ndi 0.047, pomwe kufika pa 2.5 ndi 0.053. Uku ndi kulaunda msanga komwe kuja, kungoti kwachitikira mkati mwa nambala imodzi.

Nanga funso likapanda kunena mafiga? Choyamba werengani malangizo a patsamba loyamba la pepala, chifukwa nthawi zina lamulo la pepala lonse limakhala pamenepo. Ngati palibe, mu masamu mafiga atatu ndi amene tinazolowera, ndipo yankho likatuluka lathunthu, monga 12.25, lisiyeni momwemo. Mu Fizikisi ndi Kemisitiri nkhani ndi ina pang'ono, chifukwa manambala ake ndi oyezedwa, ndipo yankho silingakhale lodalirika kuposa muyezo wofooka kwambiri. Mwatola mwala mumchenga wa mtsinje wa Mwanza, sikelo yati magalamu 52.4, ndipo mutauponya m'silinda madzi akwera ndi makiyubiki sentimita 21. Kalikuleta ikupatsani 2.495238095. Kukopera zonsezi n'kulakwa, chifukwa mukunena kuti mukudziwa mwalawo mpaka mafiga khumi pomwe silinda yanu inakupatsani awiri okha. Pochulukitsa ndi pogawa, yankho limatsata nambala ya mafiga ochepa, choncho lembani `2.5 g/cm³`. Pophatikiza ndi pochotsera timayang'ana madesimo: 12.5 kuphatikiza 3.48 ndi 15.98, koma poti 12.5 ili ndi desimo imodzi, yankho ndi 16.0. Manambala ochita kuwerenga, monga matumba 10, kapena 2 wa mu `2πr`, alibe malire otere ndipo sachepetsa mafiga a yankho. Lamulo limeneli nalonso ndi la pa mzere womaliza. Ngati 2.495238095 akupita ku sitepe ina, apite yense.

Mungadziwe bwanji kuti chakudyerani malikisi ndi kulaunda osati china? Yang'anani kukula kwa kusiyanako. Ngati yankho lanu likusiyana ndi la aphunzitsi pa figa yomaliza yokha, kapena ndi pang'ono chabe, monga 173 ndi 174, bwererani m'mizere yanu mufufuze pamene nambala yaitali inafupika mwadzidzidzi. Kawirikawiri mudzapapeza pamalire a gawo (a) ndi gawo (b), kapena pamene munakopera saini kapena kosaini papepala. Bwerezani funsolo ndi `Ans`. Yankho likasintha, mwaupeza muzu wa vutolo.

Ngati yankho lili kutali kwambiri, kapena kutalika kwatuluka ndi chizindikiro chochotsera, kulaunda si kumene kwalakwa. Dinani `sin(30)`. Kalikuleta ikapereka 0.5 ili bwino, koma ikapereka −0.988 ndiye kuti ili pa `RAD`, ibwezereni pa `DEG`. Onaninso ngati munatseka bulaketi pambuyo pa 74, chifukwa mukapanda kutseka, makalikuleta amene amatsegula okha bulaketi amagawa 74 ndi `sin(38)` asanatenge saini.

Pali vuto lina limene linandisokoneza kwa kanthawi ndisanalitulukire. Mnyamata wina ankalumbira kuti salaunda, koma manambala ake onse apakati anali ndi desimo imodzi. Nditatenga kalikuleta yake, yomwe anasiyiridwa ndi mkulu wake, ndinaona kamawu kakuti `FIX` pamwamba pa galasi. Kalikuleta yotere imaonetsa madesimo ochepa amene inauzidwa, ndiye `sin 38°` imaoneka ngati 0.6. Mkati mwake imasungabe nambala yonse, kotero wogwiritsa ntchito `Ans` savulala, koma iye ankakopera za pagalasi n'kuzidinanso. Pa makalikuleta ambiri a Casio amene ana athu ali nawo, dinani `MODE` mobwereza mpaka muone `Fix Sci Norm`, musankhe `Norm`, kenako mudine 1 kapena 2. Pa ena zimenezi zili pansi pa `SHIFT` kenako `SETUP`. Chitani zimenezi usiku woti mawa mayeso, makamaka ngati kalikuletayo ndi yobwereka.

Mtsikana uja ndinamupatsa funso lina lofanana nalo kuti akayese kunyumba, ndipo nanunso liyeseni. Zikhomo zitalikirane mamita 150, ngodya ya pa A ikhale madigiri 57, ya pa B madigiri 81. M'mawa mwake anabwera ndi pepala ali atalemba njira zonse ziwiri moyandikana, mmene ndinamupemphera. AC anapeza 221.41, n'kulemba 221 pa mzere wakewake. Atapitiriza ndi 221 anapeza 185.35, yomwe ndi 185. Atapitiriza ndi `Ans` anapeza 185.69, ndipo pansi pa 186 anadulapo mizere iwiri.